Fomu yolembapo ngozi ya pantchito: zoona ndi maso poyamba, zoganiza pambuyo

Munthu akavulala pantchito, funso loyamba limene anzake amafunsana ndi lakuti walakwa ndani. Fomu yolembapo ngozi siyambira pamenepo. Kaya ndi ya kufakitale, kuesiteti ya tiyi, kuchipatala kapena ya kampani ya alonda, imayamba ndi mafunso ooneka ngati opanda mchere, a liti, kuti ndiponso ndani. Funso la chimene chachititsa limabwera kumunsi, nthawi zambiri kuseri kwa pepala, ndipo amene amaliyankha ndi munthu wina. Malo antchito aliwonse ali ndi fomu yawoyawo, yambiri ya m'Chingerezi, koma mitu yake imatsatana mofanana, ndipo anaisanja choncho dala. Cholinga n'chakuti zimene anthu aona ndi maso zilembedwe zisanasakanikirane ndi zimene akuganiza.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze ngozi imodzi. Pachigayo china chachikulu magetsi azima masana makina ali mkati mogaya. Mnyamata wina wantchito akuti apezerepo mwayi wochotsa ufa umene waunjikana pafupi ndi lamba. Magetsi ayaka mwadzidzidzi, lamba wayamba kuzungulira, ndipo wamupana dzanja. Kapitawo watenga fomu.

Pamwamba penipeni pamakhala nambala ya fomu, dzina ndi udindo wa amene akulemba, ndi tsiku limene akulembalo. Pansi pake pamabwera tsiku ndi nthawi imene ngoziyo inachitika. Masiku awiriwa ambiri amawasokoneza, n'kulemba limodzi ponseponse. Ngati ngozi inachitika Lachisanu koma fomu yalembedwa Lolemba, pepala lionetse zimenezo poyera, chifukwa wowerenga ayenera kudziwa kuti nkhaniyi inagona masiku atatu m'mitu ya anthu. Nthawi ilembedwe ndi manambala, 14:20, osati "chakumasana". Ngati palibe amene anayang'ana wotchi, kulemba kuti "cha m'ma 14:20" n'kokwanira, ndipo kuli bwino kusiyana ndi kupeka mphindi. Malo nawo alembedwe moti mlendo atha kukaima pomwepo. "Pachigayo" sizikuthandiza aliyense. "Kuseri kwa makina achiwiri, mbali ya lamba" ndiye malo.

Kenaka fomu imafunsa za munthu amene wakhudzidwa: dzina lonse, zaka zake, ntchito yake, ndiponso ngati ndi wolembedwa ntchito yokhazikika, waganyu, kapena kasitomala amene anangobwera kudzagayitsa. Mafomu ambiri amafunsanso kuti wagwira ntchitoyo nthawi yaitali bwanji ndipo shifiti yake inayamba nthawi yanji. Mafunso amenewa si ongodzazira pepala. Mnyamata amene wayamba ntchito sabata yatha ndi wina amene wagaya zaka zisanu akhoza kuvulala mofanana, koma zifukwa zake n'kukhala zosiyana kotheratu.

Pamakhalanso timabokosi tochongamo mtundu wa chochitikacho: kuvulala, kudwala chifukwa cha ntchito, kuwonongeka kwa katundu, kapena ngozi imene inatsala pang'ono kuchitika. Kabokosi komalizaka n'kamene kamakhala kopanda chochonga kwa zaka zambiri, poti anthu akapulumuka amangoti Mulungu ndi wamkulu n'kupitiriza ntchito. Chikhala kuti lambayo anangokwapula mkono wa malaya osafika pakhungu, fomu inayenera kulembedwabe, pakuti vuto la makinawo likanakhala lomwelo.

Mtima wa fomu yonse ndi bokosi lalikulu lofotokozamo zimene zinachitika, ndipo apa m'pamene mafomu ambiri amawonongekera. Kapitawo wotopa akhoza kulemba kuti: "Anavulala dzanja chifukwa chosasamala pogwira makina." Mawuwa akuoneka ngati akwanira, koma mulibe chilichonse chimene munthu anaona. Sakutiuza kuti dzanja linali pati, makina anali otani, ndipo n'chifukwa chiyani anayenda. Chimene chilimo ndi chigamulo basi, choperekedwa asanafufuze.

Yerekezani ndi kalembedwe aka: "Magetsi anazima cha m'ma 14:05 makina achiwiri akugaya. Swichi ya makinawo inasiyidwa yoyatsa. Chotchingira lamba panalibe, chinali chotsamira kukhoma. Wovulalayo anagwada n'kumachotsa ufa pansi pa lamba ndi dzanja lamanzere. Magetsi anayaka cha m'ma 14:20, lamba anayamba kuzungulira ndipo anapana zala zake. Mnzake anathamanga n'kuzimitsa swichi." Nkhani yayenda motsata nthawi, kuyambira ngozi isanachitike mpaka itatha, ndipo chiganizo chilichonse wina atha kuchitsimikiza kapena kuchitsutsa. Njira yodziyesera ndi yosavuta: pa chiganizo chilichonse dzifunseni ngati kamera ikanatha kujambula zimenezo. Kamera ikanajambula chotchingira chili kukhoma. Kusasamala sikanakujambula. Ngati wolembayo sanalipo, anene amene wamuuza, ndipo mawu a wovulalayo alembedwe mmene wawanenera, osawakometsa. Mawu monga "mwina", "zikuoneka kuti" ndi "monga mwa chizolowezi chake" akapezeka m'bokosi limeneli, dziwani kuti maganizo alowa pamalo pa umboni.

Mutu wotsatira ndi wa kuvulala kwenikweniko kapena katundu amene wawonongeka. Mafomu ena amakhala ndi chithunzi cha thupi la munthu, kumaso ndi kumbuyo, choti muchongepo. Lembani chiwalo ndi mbali yake: dzanja lamanzere, chala cha mkombaphala ndi chapakati, mabala otuluka magazi, zala zotupa. Kapitawo si dokotala, choncho asalembe kuti fupa lathyoka ngakhale akukayikira motero. Zimenezo zidzachokera ku lipoti la kuchipatala. Kumanzere ndi kumanja kuonetsetsedwe kawiri, chifukwa munthu ukayang'anizana ndi mnzako dzanja lake lamanzere limakhala kumanja kwako. Fomu ikanena dzanja lamanja pamene chipatala chalemba lamanzere, mkangano umabuka pa nthawi ya chipukutamisozi, ndipo wovutika ndi wovulala uja.

Zimene zinachitidwa nthawi yomweyo zili ndi malo akeake. Ndani anamanga bala, anamanga ndi chiyani, wovulalayo ananyamuka nthawi yanji kupita kuchipatala ndipo anayenda pa chiyani. Apa palembedwenso zimene zinachitidwa kuti wina asavulale, monga kuzimitsa makina achiwiriwo n'kuikapo chikwangwani choletsa kuwayatsa. Ngati munthu wakana kupita kuchipatala, nazonso zilembedwe. Kenaka mayina a mboni ndi manambala awo a foni. Mboni iliyonse ifotokoze payokha ndipo tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Anthu akakhala pamodzi n'kukambirana, pofika mawa onse amakhala ndi nkhani imodzi, ngakhale amene anali panja nthawiyo. Amene anafika atamva kukuwa ndi mboni ya zimene anapeza, osati ya ngoziyo, ndipo pepala lisiyanitse zimenezi.

Mbali yoyamba imathera pamenepa. Yotsatira ndi ya woyang'anira kapena wofufuza, ndipo ndi pano pamene funso lakuti chifukwa chiyani limaloledwa. Mafomu abwino amaligawa pawiri: chimene chinavulaza munthu mwachindunji, ndi gwero lake. M'nkhani yathu choyambacho n'chapafupi, lamba anayenda dzanja lili pomwepo. Gwero limapezeka pofunsabe. Chotchingira chinali kukhoma chifukwa chiyani? Anachimasula sabata yatha pomanga lamba ndipo mabawuti ake awiri anasowa. Nanga swichi inasiyidwa yoyatsa bwanji? Pachigayopo palibe lamulo lakuti magetsi akazima makina onse azimitsidwe, ndipo ena amasiya dala kuti amve phokoso magetsi akabwera. Kuwonjezera apo, makinawo alibe chipangizo chimene chimaletsa mota kudzuka yokha magetsi akayakanso. Tsono taonani: zonsezi zatuluka m'ziganizo zija za chotchingira ndi swichi. Kapitawo akanalemba za kusasamala, wofufuza akanasowa poyambira. Ine ndikaona fomu imene pa gwero palembedwa kuti "kulakwitsa kwa wantchito" n'kuthera pomwepo, ndimadziwa kuti kufufuza sikunachitike. N'zoona kuti mnyamatayo sanayenere kuika dzanja pamenepo, koma kumuchotsa ntchito sikubwezeretsa chotchingira.

Pansi pa gwero pamabwera zoyenera kukonza, ndipo chilichonse chikhale ndi dzina la wochita ndi tsiku lomalizira. "Antchito azisamala" si chokonza, chifukwa palibe amene angadzabwere mwezi wamawa n'kuona ngati chachitika. "Chotchingira chibwezeretsedwe makina asanayatsidwenso, wochita ndi makaniko" ndi chokonza. Chimodzimodzinso kuitana wamagetsi kuti aike chipangizo chija pofika tsiku lakutilakuti, ndi kukhazikitsa lamulo lakuti swichi izimitsidwe ndi kukhomedwa ndi loko munthu asanayandikire lamba. Gwero lililonse lipeze chokonza chake. Likasowa, fomuyo sinathe.

Kumapeto kuli malo olembapo amene adziwitsidwa, kenaka masiginecha. Apa m'pamene fomu ya pakampani imakumana ndi malamulo a boma, ndipo ena amaganiza molakwika kuti akadzaza yawoyo ndiye kuti boma ladziwa. Ku Malawi nkhanizi zili m'lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha pantchito la 1997 ndi la chipukutamisozi cha ogwira ntchito la 2000, ndipo ngozi yaikulu bwana amayenera kukainena ku ofesi ya zantchito. Abale athu amene ali ku South Africa adziwe kuti kumeneko bwana ali ndi masiku 7 oti atumize lipoti la ngozi, lodziwika ndi dzina lakuti W.Cl.2. Ku Britain, kumene ambiri amagwira ntchito yosamalira okalamba, malamulo a RIDDOR a 2013 amati wantchito akalephera kugwira ntchito yake masiku oposa 7 otsatizana, osawerengera tsiku la ngozi, lipoti lifike kuboma pasanathe masiku 15. N'chifukwa chake mafomu ambiri ali ndi mzere wa tsiku limene munthu wabwerera kuntchito, umene umadzazidwa pambuyo pake.

Za kusayina, wovulala asasayine pepala limene sanaliwerenge kapena kuwerengeredwa m'chinenero chimene amamva, ndipo asasayine fomu yokhala ndi mabokosi opanda kanthu, poti wina atha kudzalembamo zake. Funso limene silikukhudza ngoziyo lilembedwe kuti silikukhudza. Polakwika padulidwe ndi mzere umodzi woti mawu akalewo aziwerengekabe, wokonzayo asayine pambali ndi kuikapo tsiku, osafufuta kapena kupaka utoto woyera. Ngati mnyamata wa pachigayo uja sakugwirizana ndi chiganizo china, auze kapitawo kuti mawu akewo alembedwe pambali asanasayine, ndipo apemphe kope lake kapena ajambule masamba onse ndi foni.