Makina osokera ndi foni ya ejenti

Mumsewu womwe ndimakhala muli makonde awiri amene sasowa anthu. Pakhonde loyamba pamakhala mayi wina wosoka, amene miyendo yake inafooka ndi poliyo ali mwana. Kuseri kwa windo la zitsulo, nyumba zisanu kutsika kumunsi, kumakhala mnyamata amene anavulala msana pa ngozi ya minibasi, ndipo ndi ejenti wa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Onse awiri amagwira ntchito ali pa chikuku, onse awiri makasitomala amawapeza pakhomo. Wodutsa ndi njira angati ntchito zawo n'zofanana: tebulo, mpando ndi kudikira. Koma ntchito iliyonse yogwira chokhala ili ndi pamene imafuna miyendo mobisa, ndipo ziwirizi zimaifuna pa malo osiyana.

Utelala umafuna miyendo pa makina penipeni. Makina ambiri amene timawaona m'makonde a masitolo, a Singer kapena a Butterfly, ndi opalasa ndi mapazi, ndipo chitsulo chake chapansi chimatchinga chikuku kuti chisalowe kunsi kwa tebulo. Mayi uja anachotsa mutu wa makina n'kuuika pa tebulo lathabwa lomwe kalipentala anamukhomera, lopanda chotchinga kunsi, lalitali mokwanira kuti mawondo ndi zogwirira za chikuku zilowe. Poyamba ankapukusa ndi dzanja. Makina opukusa amasoka bwinobwino, koma dzanja lamanja likakhala pa chopukusira, nsalu imatsala ndi dzanja limodzi loiwongolera, ndiye pokhota ngati pa kolala kapena pa mkono ntchito imachedwa. Pambuyo pake anamangitsa kamota kakang'ono kumbuyo kwa makina, ndipo chopondera chake anachiika pa tebulo kuti azichidina ndi chigongono. Magetsi akazima amabwezeretsa chopukusira. Vuto la miyendo analithetsa kamodzi, ndi thabwa ndi kamota, ndipo silinabwererenso.

Ntchito ya ejenti sifuna miyendo pa tebulo ngakhale pang'ono. Zala, maso ndi mutu wowerengera bwino n'zokwanira. Miyendo imafunika kumsewu, ndipo imafunika kawirikawiri. Chifukwa chake chili m'kayendedwe ka ndalama, ndipo apa ndi bwino kudekha. Ejenti amakhala ndi ndalama za mitundu iwiri: zapamanja m'kabati, ndi za mu foni zomwe amazitcha fuloti. Munthu akabwera kudzaika ndalama, zapamanja zimachuluka, za mu foni zimachepa. Akabwera kudzatapa, za mu foni zimachuluka, zapamanja zimachepa. Tiyerekeze kuti mpamba wonse ndi K300,000, theka m'kabati, theka mu foni. Ndi kumapeto kwa mwezi, ana a m'tauni ndi a ku Joni atumiza thandizo kwa makolo. Agogo atatu abwera motsatizana, aliyense atapa K50,000. Nthawi isanakwane 10 koloko m'kabati mulibe kanthu, K300,000 yonse ili mu foni. Palibe tambala yomwe yasowa, koma wachinayi wofuna kutapa abwerera, ndipo mawa akayamba wafika kaye kwa ejenti wina. Kuti ntchito ipitirire, wina ayenera kupita kubanki kapena kwa ejenti wamkulu kukasintha za mu foni kuti zikhale zapamanja.

Mnyamata uja amatuma mlongo wake pa kabaza. Ulendo uliwonse umadya ndalama ya kabaza kupita ndi kubwera, ndipo umadalira kuti mlongoyo alipo, sanapite kumaliro kapena kumsika. Kenaka anapeza njira ina yomwe ndimaiona kuti ndi yanzeru kuposa zonse zomwe wachita: anapangana ndi mwini golosale wapafupi, amene tsiku lililonse amakhala ndi ndalama zapamanja zambiri ndipo amafuna kulipira ogulitsa katundu kudzera pa foni. Wagolosale amabweretsa zapamanja, mnyamata amamuikira mu foni, onse athandizika. Komabe izi zimatheka pamene pali oika ndi otapa omwe. Kumudzi kumene anthu amangolandira osatumiza, ejenti wosayenda amakhala ndi foni yodzaza ndi kabati yopanda kanthu masiku ambiri.

Polowera pake ntchito ziwirizi zimafunsa zinthu zosiyana. Utelala umafuna nthawi: miyezi yambiri yophunzira kuyeza, kudula ndi kulumikiza, ndipo kudula ndiye kovuta, chifukwa kusoka mzere wowongoka aliyense amakudziwa msanga. Bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA, lomwe tsopano likutchedwa MACODA, lakhala likuphunzitsa utelala kwa zaka zambiri, makamaka pa sukulu yake ya ntchito zamanja ya ku Magomero m'boma la Chiradzulu, ngakhale atelala ambiri luso lawo analitola pokhala pambali pa telala mnzawo. Uejenti umafuna ndalama: chiphaso cha unzika, mapepala olembetsera kukampani, foni, ndi mpamba. Kuphunzira kwake n'kwa masiku ochepa. Telala amayamba ndi luso, ndalama zimabwera pambuyo. Ejenti amayamba ndi ndalama, ndipo luso lake, lomwe ndi kusamala, amalipeza nthawi zambiri atapusitsidwapo kale.

Mpamba wawo nawo sukalamba mofanana. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makina a mayi uja anakhalabe makina, mtengo wake unangokwera pamodzi ndi zinthu zina, ngakhale ulusi, zipi ndi nsalu yamkati nazo zinakwera. Mpamba wa mnyamata uja unali kwacha yokhayokha. Nambala yake sinasinthe, koma anthu atayamba kutapa ndalama zokulirapo kuti agule thumba lomwe lija la chimanga, ndalama zapamanja zomwe kale zinkathandiza anthu khumi zinayamba kutha pa anthu ochepa.

Kalowedwe ka ndalama n'kosiyananso. Telala amadziikira yekha mtengo. Tingoyerekeza: diresi la chitenje wasoka pa K10,000, ulusi, zipi, nsalu yamkati ndi makala a m'simbi zadya K3,000, watsala ndi K7,000. Ndi kamota akhoza kumaliza awiri pa tsiku, ndi chopukusira mwina limodzi. Nsalu amabweretsa ndi mwini wake, choncho telala safunika kupita ku Limbe kapena ku Bwalo la Njobvu kukagula katundu wambiri. Ulusi ndi singano za mwezi wonse zimakwana m'jumbo imodzi. Ejenti sadziikira mtengo. Komishoni imaikidwa ndi kampani, ndi yochepa pa munthu mmodzi, ndipo imakula ndi kuchuluka kwa anthu. N'chifukwa chake nyumba ya ejenti iyenera kukhala m'njira yodutsa anthu, pamene telala waluso anthu amamulondola ngakhale kuseri kwa manda. Nyumba yomwe ili mkati mwenimweni mwa mudzi yasankha kale pakati pa ziwirizi, mwini wake asanalankhule.

Nyengo zawo zimasinthana. Telala amatanganidwa mu Ogasiti ndi Seputembala ndi mayunifolomu a sukulu, m'chilimwe chonse ndi zinkhoswe ndi maukwati, mu Disembala ndi zovala za Khirisimasi. Januwale ndi Febuluwale akafika, anthu amaganiza za ufa, osati za diresi, ndipo chomwe chimamusunga ndi kaunjika: kuchepetsa thalauza, kupinda siketi, kusintha zipi. Anthu amati kaunjika anapha utelala, koma pakhonde la mayi uja ndimaona kuti ndi amene amagula ndiwo m'miyezi ya njala. Ejenti sakhala ndi miyezi youma choncho. Ntchito yake imakwera kumapeto kwa mwezi ndi potsegulira sukulu, koma ngakhale m'njala anthu amatumizirana, mwinanso kuposa nthawi zina.

Zikalakwika, zimalakwika mosiyana kukula kwake. Telala akadula molakwa chitenje cha mwini, amalipira chitenje chimodzi ndi manyazi. Vuto lake lenileni ndi zovala zosokedwa zomwe eni ake sabwera kudzatenga. Mayi uja tsopano sagwira sizasi asanalandire theka. Ejenti akalakwitsa nambala imodzi, kapena akakhulupirira uthenga wabodza wooneka ngati wochokera kukampani n'kupereka K50,000, komishoni ya masiku ambiri yapita pa mphindi imodzi. Ndinamvapo mnyamata uja akuuza bambo wina wachangu kuti, "Pepani bambo, dikirani pang'ono ndione kaye balansi yanga, uthenga wokha sindipereka nawo ndalama." Foni sapatsira munthu m'manja, dzina la wolandira amaliwerenga mokweza asanadine pini, ndipo ma K5,000 amawayang'ana powala. Pali chinanso chomwe iye mwini amachinena mosabisa: wakuba amadziwa kuti munthu wa pa chikuku sangamuthamangitse. Windo la zitsulo lija silokongoletsa nyumba. Koma pali mdani amene onse awiri amagawana, ndiye wachibale wonena kuti "ingondichitirani, ndibweretsa madzulo." Kwa telala mawu amenewa amadya tsiku la ntchito, kwa ejenti amadya mpamba weniweniwo.

Thupi nalo lili ndi mawu ake. Kusoka kumalemetsa mapewa, khosi ndi maso, ndipo mapewa a munthu wa pa chikuku amakhala atagwira kale ntchito ya miyendo. Poyeza mapewa ndi chifuwa mayi uja amakhazika kasitomala pa kampando, poyeza utali amamuimika pafupi ndi chikuku. Simbi ya makala amaiopa kuposa sizasi, ndipo m'pake. Kwa munthu amene miyendo yake siimva, ngati mnyamata uja, khala logwera pa ntchafu likhoza kuwotcha iye osadziwa. Uejenti ndi wopepuka ku mapewa, koma umamanga munthu malo amodzi kuyambira m'mawa, chifukwa kuchoka pawindo ndi kutaya kasitomala. Kwa wovulala msana, kukhala kotereku kumayambitsa zilonda za m'matako, zomwe zimayamba ngati kadontho kakuda kapena kotentha pa khungu ndipo zikakula zimagoneka munthu miyezi. Mnyamatayo amadzikweza ndi manja pa chikuku mphindi 20 kapena 30 zilizonse, ali ndi khushoni yabwino, ndipo masana amatseka kwa ola limodzi n'kukagona chafufumimba. Mayi wa poliyo khungu lake limamva, ululu umamukumbutsa wokha kuti asunthe.

Dzuwa likapendeka, mnyamata amatseka windo kusanade. Amawerenga za m'kabati, amaonjeza za mu mafoni onse awiri, ndipo zikapanda kukwana pa mpamba wa m'mawa amabwerera m'kope mzere ndi mzere mpaka apeze pomwe zapita. Nthawi yomweyo kumtunda kuja mayi amakhala atayatsa nyali ya sola, akupinda ndi singano yapamanja m'munsi mwa diresi la chinkhoswe cha Loweruka, ndipo theka lotsala mwini wake walonjeza kuti atumiza pa Mpamba.