Kapangidwe ka makhodi a katundu m'kaundula wa sitoko

Khodi ya katundu ndi zilembo ndi manambala ochepa oimira chinthu chimodzi chokha m'kaundula wa sitoko. Dzina palokha silikwanira, chifukwa wogulitsa wina amalemba "misomali ya 3 inchi", mnzake n'kulemba "misomali yaikulu", pamene wogula akungoti "yokhomera phaso". Powerengera katundu kumapeto kwa mwezi, mtundu wina umaoneka ngati wasowa ndipo wina ngati wachuluka, chonsecho palibe waba. Kuperewera ndi kuchuluka kukamalingana pa zinthu ziwiri zofanana, nthawi zambiri vuto limakhala kalembedwe.

Lamulo loyamba n'lakuti zinthu ziwiri zimene wogula sangalole kuti zisinthanitsidwe zikhale ndi makhodi awiri. Penti woyera wa malita 5 ndi wa malita 20 ndi katundu wosiyana ngakhale wachokera ku fakitale imodzi. Chimodzimodzinso katoni ndi paketi: ngati zonse zimagulitsidwa, chilichonse chipatsidwe khodi yake, ndipo kaundula anene kuti m'katoni muli mapaketi angati.

Sitolo ya zipangizo zomangira imaonetsa bwino mmene khodi imapangidwira. Gawo loyamba la khodi linene gulu la katundu, lachiwiri mtundu, lachitatu kukula:

```
MSM-WA-075   misomali wamba, 75 mm
MSM-WA-100   misomali wamba, 100 mm
MSM-MA-075   misomali ya malata, 75 mm
```

Misomali ya 3 inchi yalembedwa 075, kutanthauza mamilimita, chifukwa mainchi amabweretsa theka ndi kota, zomwe zimavuta kulemba m'khodi. Ziro wa kutsogoloyo ali ndi ntchito. Kompyuta ikamasanja mawu imayerekeza chilembo ndi chilembo kuyambira kumanzere, choncho popanda ziroyo MSM-WA-100 imabwera patsogolo pa MSM-WA-75, popeza 1 ndi wamng'ono kwa 7. Makhodi onse akakhala otalika mofanana, amasanjika bwino, ndiponso khodi imene yasowa chilembo imaonekera msanga.

M'khodi mulowe zokhazo zimene sizisintha. Apa m'pamene ambiri amaphonya, pofuna kuti khodi inene zonse. Mtengo umakwera, shelefu imasinthidwa, wopikulitsa wa lero mawa amakhala alibe katundu. Khodi yokhala ndi zinthu zimenezi imayamba kunama pakangopita miyezi ingapo, ndipo kuisintha kumadula mbiri ya malonda a chinthucho. Mtengo, malo ndi wopikulitsa zikhale ndi madanga awoawo m'kaundula. Magawo atatu amakwana pa katundu wambiri. Chinthu chofuna magawo 5 kapena 6 ndi bwino kungochipatsa gulu ndi nambala yotsatira, monga PNT-0042, tsatanetsatane n'kukhala m'dzina.

Zilembo zina zimasokoneza maso. O amafanana ndi 0, I amafanana ndi 1, ndipo pa malisiti olembedwa pamanja S amasanduka 5, B n'kusanduka 8. Njira yosavuta ndi kusagwiritsa ntchito O ndi I m'pang'ono pomwe, komanso kusasakaniza zilembo ndi manambala m'gawo limodzi. Zonse zilembedwe m'zilembo zazikulu, popanda mpata pakati.

Amene amasunga kaundula mu Excel ali ndi chifukwa china choyambitsira khodi ndi zilembo. Pulogalamuyi ikaona 0075 imachotsa maziro n'kusiya 75, ikaona 3-4 imaganiza kuti ndi deti, ndipo 12E3 imaiwerenga ngati 12,000. Manambala opitirira madijiti 15 imawaononganso kumapeto. Pofuna kudziwa ngati khodi yabwerezedwa, fomula iyi iikidwe pambali pa mzere uliwonse, makhodi ali m'danga A:

```
=COUNTIF(A:A,A2)
```

Yankho loposa 1 likutanthauza kuti zinthu ziwiri zili ndi khodi imodzi. Zimenezi n'zoopsa chifukwa VLOOKUP imatenga mzere woyamba umene yaupeza osachenjeza, ndiye mtengo wa chinthu china umatuluka pa chinzake.

Bakhodi ya pa paketi, monga ya madijiti 13 yotchedwa EAN-13, ndi ya wopanga katunduyo, ndipo imachokera ku bungwe la GS1. Isungidwe m'danga lake, koma isalowe m'malo mwa khodi ya sitolo, chifukwa misomali yoyeza pa sikelo ilibe bakhodi.

Makhodi atsopano azipereka munthu mmodzi, atayamba wafufuza ngati chinthucho sichinalembedwe kale ndi dzina lina. Katundu akasiya kugulitsidwa, mzere wake ulembedwe kuti watsekedwa, koma khodi yake isapatsidwe kwa chinthu china, popeza malisiti ndi mabuku a zaka zam'mbuyo akadali kuitchula.