Imelo Yoyankha Mwini Wake Ali pa Tchuthi: Zilankhulo Ziwiri, Tsiku Limodzi

Mu Okutobala 2008, khonsolo ya mzinda wa Swansea, ku Wales m'dziko la Britain, inafuna kuzika chikwangwani pamsewu wina wa m'dera la Morriston, pafupi ndi sitolo yaikulu ya Asda. Mawu ake anali oletsa magalimoto akuluakulu onyamula katundu kulowa kumene kuli nyumba za anthu. Ku Wales zikwangwani za boma zimalembedwa m'Chingerezi ndi m'Chiwelishi, choncho wogwira ntchito wina anatumiza mawu a Chingereziwo pa imelo kwa womasulira. Yankho linabwera la m'Chiwelishi, lalifupi bwino, lokwana pachikwangwani. Analikopera, opanga zikwangwani anachita mbali yawo, chikwangwani n'kuzikidwa.

Odziwa Chiwelishi atachiona anafa nacho chiseko. Pamwamba, m'Chingerezi, chinkaletsadi magalimoto. Pansi pake chinkanena kuti mwini wake sali mu ofesi pakadali pano, ndipo amene ali ndi ntchito yofuna kumasulira aitumize. Womasulira uja sanayankhe n'komwe. Inayankha ndi kompyuta, ndi uthenga umene anautchera kuti uzipita wokha iye akachokapo. Magazini ya Chiwelishi yotchedwa Golwg inaonetsa chithunzi chake, BBC inalengeza nkhaniyo, ndipo khonsolo inachotsa chikwangwanicho.

Ambiri amaseka amene anakopera mawu osawamva. Koma uthenga wodzitumiza wokha uja nawo uli ndi mlandu wake, chifukwa unafika kwa munthu m'chilankhulo chimene iye sankachidziwa, pamene chimene anafunira womasulira n'chakuti Chiwelishicho sachimva. Masiku ano ku Wales nkhaniyi ili m'malamulo. Kuyambira mu 2016 makhonsolo akumeneko amatsata mfundo zochokera m'lamulo la chilankhulo la 2011, ndipo imodzi mwa mfundozo imati olemba anthu ntchito azipereka kwa antchito awo mawu a Chiwelishi oika mu uthenga wodziwitsa anthu kuti iwo palibe. Ku Canada nako, kumene Chingerezi ndi Chifalansa ndi zilankhulo za boma kuyambira mu 1969, mauthenga otere a m'maofesi a boma amakonda kubwera m'zilankhulo zonse ziwiri.

Kuno kwathu palibe amene amakakamiza, koma vuto lake ndi lomwelo. Ofesi ya ku Blantyre yothandiza amalonda kuombola katundu imalemberana ndi anthu a ku Beira ndi ku Nacala amene amagwira ntchito m'Chipwitikizi. Bungwe la ku Lilongwe limalandira maimelo a Chingerezi kuchokera kwa opereka thandizo, komanso a Chichewa kuchokera kwa alangizi ndi atsogoleri a magulu a alimi amene amalemba pa foni. Uthenga wa palibe uli ngati kapepala kamene wagolosale amamata pachitseko akapita kumaliro: wobwera amangofuna kudziwa kuti atsegula liti, ndipo ngati sangadikire, agogode pati. Zina zonse n'zokometsera.

Tsiku lobwerera ndi limene anthu amalakwitsa kwambiri, ngakhale limaoneka losavuta. Tiyerekeze mayi wina wa mu ofesi ya zamalonda amene anatenga tchuthi kuyambira Lolemba pa 5 Januwale 2026 mpaka Lachitatu pa 14 Januwale. Akalemba kuti ali pa tchuthi “mpaka pa 14”, wowerenga wina aganiza kuti pa 14 mayiyo akhala ali pa desiki, wina aganiza kuti abwera mawa lake. Onse awiri aphonya. Pa 15 Januwale ndi tsiku lokumbukira John Chilembwe, maofesi ku Malawi amakhala otseka, ndipo mnzake wa ku Beira kapena ku London sangalidziwe tsikuli. Mayiyu ayamba kuwerenga maimelo Lachisanu pa 16 Januwale, ndipo limeneli ndiye tsiku loyenera kulembedwa: tsiku lobwerera, osati lomaliza la tchuthi.

Kalembedwe ka tsikulo nako kali ndi misampha. Munthu akalemba 03/04, Mmalawi ndi Mngelezi awerenga kuti pa 3 Epulo, pamene wa ku Amereka awerenga kuti pa 4 Malichi. Kusiyana kwake ndi pafupifupi mwezi wathunthu. Mankhwala ake ndi kulemba dzina la mwezi m'mawu m'zilankhulo zonse ziwiri, n'kuwonjezapo tsiku la sabata. Amene chilankhulo chake chachiwiri ndi Chipwitikizi asamale ndi masiku a sabatawo, poti Apwitikizi amayamba kuwerenga Lamulungu. Tsiku limene amalitcha lachiwiri ndi Lolemba lathu, ndipo lachisanu lawo ndi Lachinayi kwa ife. Wongomasulira manambala a masiku aphonya ndi tsiku limodzi sabata yonse, n'chifukwa chake deti la manambala liyenera kukhala pambali pa dzina la tsikulo kuti likonze cholakwikacho.

Uthenga wa mayi uja, ukalembedwa bwino, ungaoneke chonchi (a Uje akuimira dzina la wogwirizira ntchito, ndipo adiresiyo ndi yongoyerekeza):

```
English below.
Zikomo polemba. Ndili pa tchuthi ndipo ndibwerera Lachisanu pa 16 Januwale 2026.
Imelo yanu sinatumizidwe kwa wina. Ngati nkhani yanu singadikire,
lemberani a Uje ku malonda@example.com. Amayankha m'Chichewa ndi m'Chingerezi.

Thank you for your message. I am on leave and will be back on Friday 16 January 2026.
Your email has not been forwarded. For urgent matters, write to Mr Uje
at malonda@example.com. He replies in English and Chichewa.
```

Mzere woyambawo, wa mawu awiri okha, uli ndi ntchito yaikulu. Pa foni munthu amangoona mizere yoyambirira, ndipo akaona chilankhulo chachilendo amatseka osatsika m'munsi. Kamzereko kamamuuza kuti zake zilipo, atsike. Chilankhulo choyamba chikhale cha anthu amene amalemba kwambiri ku adiresi imeneyo. Mayi uja akanakhala kuti makalata ake ambiri ndi ochokera kunja, akanayamba ndi Chingerezi n'kulozera Chichewa pansi.

Chiganizo chonena kuti imelo sinatumizidwe kwa wina ambiri amachisiya, koma n'chimene chimapulumutsa nkhani zachangu. Wolemba akangoona dzina la wogwirizira, kawirikawiri amaganiza kuti kalata yake yafika kale kwa munthuyo, ndiye amangokhala chete kudikira. Uthenga wodzitumiza wokha supititsa imelo kwa wina aliyense. Kupititsa maimelo ndi ntchito ina yofuna kutcheredwa payokha. Ngati sizinatcheredwe, wolembayo auzidwe mosabisa kuti alembenso yekha.

Za wogwirizirayo, choyamba n'chakuti avomere. Zimachitika munthu kuika dzina la mnzake osamufunsa, mnzakeyo n'kudzangodabwa maimelo a nkhani zimene sakuzidziwa mutu wake. Choipa kuposa apo ndi pamene awiri atengera tchuthi limodzi, makamaka mu Disembala, aliyense n'kulozera mnzake. Wamalonda amalembera woyamba, yankho likuti pitani kwa wachiwiri. Amalembera wachiwiri, yankho likuti pitani kwa woyamba. Katundu ali padoko, ndalama zosungira zikukwera tsiku ndi tsiku. Pa chifukwa chimenechi adiresi ya ofesi yonse, imene anthu angapo amatsegula, imaposa ya munthu mmodzi.

Chachiwiri ndi chilankhulo cha wogwirizirayo, ndipo apa ndi pamene mauthenga ambiri a zilankhulo ziwiri amanama osadziwa. Ndime ya Chipwitikizi yolembedwa mwaluso imalonjeza wa ku Nacala kuti akalemba m'Chipwitikizi ayankhidwa. Ngati wotsala mu ofesi sachimva, ndime imeneyo inene kuti wogwirizira amayankha m'Chingerezi chokha, kapena itchule munthu wina amene amachidziwa. Palibe cholakwika kuti ndime ziwirizo zisiyane dzina la wogwirizira. Chimene sichiyenera kusiyana ndi tsiku.

Koma tsikulo limasiyana ndithu, ndipo njira yake ndi yodziwika. Pulogalamu imasunga uthenga wa ulendo wapitawo. Mwini wake, pothamangira kunyamuka, amakonza ndime yapamwamba, imene amaiona, n'kuiwala yapansi. Zotsatira zake, Chichewa chikunena Januwale pamene Chingerezi chikadali pa tchuthi cha Ogasiti chaka chatha. Mu Outlook mpata wolakwitsa ndi wowirikiza, chifukwa pa `File` kenako `Automatic Replies` pali mabokosi awiri, `Inside My Organization` la anzake a pantchito ndi `Outside My Organization` la anthu akunja. Mabokosi awiri, zilankhulo ziwiri: tsiku lalembedwa malo anayi, ndipo onse anayi afunika kukonzedwa.

Mabokosi awiriwo ali ndi ubwino wakenso. Anzake a pantchito angauzidwe zambiri, monga nambala ya foni ya wogwirizira. Akunja alandire zochepa, chifukwa uthengawu umayankha aliyense, kuphatikizapo akathyali amene amatumiza maimelo pofuna kudziwa amene wachokapo ndi amene watsala ndi makiyi a ndalama. Kunena kuti munthu wapita ku Johannesburg ndi banja lonse sikuthandiza wamalonda aliyense, kumangoulula kuti kunyumba kulibe anthu. Amene akufuna kuchepetsa olandira angasankhe `My Contacts only`, pokumbukira kuti kasitomala watsopano, amene dzina lake silinasungidwe, sadzalandira yankho lililonse.

Mu Gmail zili pa `Settings`, gawo la `General`, pamene palembedwa `Vacation responder`. Pali bokosi limodzi la uthenga, malo a mutu wa imelo, ndi madeti awiri, `First day` ndi `Last day`. Mutuwo mwini wake amalemba yekha, choncho angaikemo tsiku lobwerera m'zilankhulo zonse ziwiri, wolandira n'kudziwa asanatsegule n'komwe. Mayi uja pa `Last day` aika 15 Januwale, osati 14, kuti olemba pa tsiku la Chilembwe nawonso ayankhidwe. Uthengawo umazima wokha usiku wa tsiku limenelo, pa 11:59.

Mapulogalamu awiriwa amasiyananso pa kubwereza. Outlook imayankha munthu mmodzi kamodzi kokha pa nthawi yonse imene uthenga uli woyatsa. Gmail imamuyankhanso akalemba patapita masiku anayi, kapena mwini wake akasintha mawu a uthengawo. Choncho wogwiritsa ntchito Outlook asadalire kuti wolemba kachiwiri akumbutsidwa. Zonse zofunika zikhale mu yankho loyambalo. Ndipo adiresi zina zimene sizidutsa pa makina a Microsoft sizikhala ndi batani la `Automatic Replies` mu Outlook ya pa kompyuta. Eni ake amayenera kukatchera uthengawo pa tsamba la kampani imene imawasungira maimelo.

Musanatseke ofesi, pemphani mnzanu wa kunja kwa bungwe lanu akutumizireni imelo, ndipo yankho limene alandire muliwerenge pa foni yake mpaka mzere womaliza. Ndime ya chilankhulo chimene inu simuchidziwa bwino aiwerenge munthu wochilankhula, ndipo mumufunse mafunso awiri: mukubwera liti, ndipo iye alembere ndani.