Yankho Lomwe Silinalembedwe M'nkhani

Mayi akauza mwana kuti, "Mchere watha m'nyumba muno," mwanayo sayankha kuti wamva n'kupitiriza kusewera. Amatambasula dzanja kuti alandire ndalama, n'kuthamangira ku okala. Palibe wamuuza kuti apite kukagula, koma wamva. Chodabwitsa n'chakuti mwana yemweyo akakhala pa desiki, pepala la kumvetsa nkhani lili patsogolo, luso limeneli limamuthawa. Amayendetsa chala mzere ndi mzere kufunafuna yankho, ndipo akalisowa amadandaula kuti aphunzitsi afunsa zomwe mulibe m'nkhani.

Mwana ameneyu sakunama kwenikweni. Pa mayeso a kumvetsa nkhani, kuyambira a m'kalasi mpaka a MANEB a Sitandade 8 ndi Fomu 4, wophunzira amakumana ndi mafunso amene yankho lake lili poyera ndiponso ena amene yankho lake wolemba sanalitchule, anangosiya zizindikiro. Mtundu wachiwiriwu ndi umene umadya malikisi. Kuti tiuone bwino, tiwerenge kankhani aka:

"Nasibeko anafika pa chigayo dzuwa lisanatuluke, koma anapeza matumba atandanda kale mpaka pa mtengo wa mango. Pamalopo panali zii. Mwini chigayo anangokhala pakhomo, maso ali pa babu lomwe linali pamwamba pa chitseko. Dzuwa litafika paliwombo, Nasibeko anasenzanso thumba lake. Podutsa kwa apongozi ake anabwereka mtondo ndi munsi."

Wofunsa akati, "Kodi Nasibeko anafika nthawi yanji pa chigayo?" palibe chovuta. Yankho lili m'chiganizo choyamba, mutha kulilozera ndi chala: dzuwa lisanatuluke. Ngakhale wofunsa atasintha mawu n'kunena kuti mbandakucha, mfundoyo ndi yomweyo imene yanenedwa poyera. Kusintha mawu sikusandutsa funso kukhala lofuna kulingalira.

Tsopano tengani funso ili: "N'chifukwa chiyani chigayo sichinkagwira ntchito?" Werengani kankhani kaja kawiri, katatu. Mawu akuti magetsi mulibemo. Ndipotu ngakhale zoti chigayo sichinkagwira ntchito sizinanenedwe. Tazitola pa mawu akuti "panali zii", popeza aliyense amene anafikako ku chigayo amadziwa kuti chikamalira anthu amachita kukuwa kuti amvane. Apa ndiye pali mtima wa nkhani yonse. Yankho la funso lotere limabadwa pophatikiza zinthu ziwiri, chomwe chalembedwa ndi chomwe munthu amadziwa kale za mmene zinthu zimayendera. Chimodzi pachokha sichikwana.

Koma bata lokha silitiuza chifukwa. Chigayo chimatha kukhala chete chifukwa lamba waduka, kapena sefa yabooka, kapena dizilo watha, kapena pamudzi pagwa zovuta. Zonsezi n'zotheka, ndipo wophunzira waphuma amangotola chimodzi chimene chinachitikapo kwawo. Chimene chikudula mlandu ndi babu lija. Munthu amene makina ake awonongeka sakhala pakhomo. Amakhala mkati ndi sipanala m'manja. Amene akudikira dizilo amayang'ana kumsewu. Woyang'anitsitsa babu masana akudikira kuti liyake, ndipo likayaka adziwa kuti magetsi abwera. Yankho labwino ndiye lakuti: magetsi anali atazima, chifukwa mwini chigayo ankangoyang'ana babu podikira kuti liyake. Onani kuti yankholo lili ndi mbali ziwiri, ganizo ndi umboni wake. Wophunzira amene wazolowera kulumikiza ziwirizi ndi mawu akuti "chifukwa" amadzigwira yekha akamalakwa, popeza akafika pa "chifukwa" n'kupeza kuti alibe choti alembe, amadziwa kuti ganizolo lachokera m'mutu mwake.

Funso lina: "Kodi Nasibeko anagayitsa?" Ambiri amayankha kuti ayi, ndipo alondola, koma mukawafunsa umboni amaloza polakwika. Amati, "Anasenzanso thumba lake." Komatu wogayitsa nayenso amasenza thumba pobwerera. Chiganizo chimenecho pachokha sichitsimikiza kalikonse. Umboni weniweni uli m'chiganizo chomaliza: munthu amene wasenza ufa sabwereka mtondo ndi munsi. Ndimaona kuti aphunzitsi ambiri amachonga yankho lotere n'kupitirira, osafunsa kumene lachokera. Mwanayo amapeza malikisi tsiku limenelo, koma wangochita mwayi, ndipo mwayiwo sudzamutsatira m'chipinda cha mayeso.

Pali cholakwa china chosiyana ndi cha mwana wofufuza ndi chala uja, ndipo chimagwira ana anzeru, olankhula bwino. Awa akangomva kuti yankho silinalembedwe amayesa kuti apatsidwa ufulu wopeka. Afunseni zomwe nkhaniyi ikutiuza za Nasibeko, mumva zakuti ndi mayi wosauka, kunyumba kwake ana agona ndi njala, mwamuna wake ndi waulesi poti sanamuthandize kusenza thumba. Nkhani yokoma ndithu, koma si imene tawerenga. M'kankhani kaja mulibe ana, mulibe mwamuna waulesi, ndipo opeza bwino nawonso amagayitsa. Zimenezi zikhoza kukhala zoona, koma palibe liwu limene likutikankhira kumeneko.

Njira yosavuta yoyesera ganizo ndi kulikana, kenako n'kuwerenganso nkhaniyo. Nenani kuti, "Nasibeko si wosauka." Werengani: zonse zikuyenda bwinobwino, palibe chiganizo chimene chasokonekera. Ndiye kuti umphawiwo tinaubweretsa tokha. Tsopano nenani kuti, "Nasibeko anagayitsa." Werenganinso: mtondo ndi munsi zija zasowa ntchito, ndipo bata lija lasowa tanthauzo. Ganizo limene mukalikana nkhani imayamba kutsimphina, limenelo ndi limene wolemba anafuna kuti tilimve. Limene mukalikana nkhani osagwedezeka, lisiyeni.

Njira imeneyi imaonetsanso kuti malingaliro olondola salemera mofanana. Zoti Nasibeko sanagayitse n'zolimba kwambiri. Zoti magetsi anazima n'zolimbanso, ngakhale wokonda kutsutsa atha kupeza pozembera. Nanga m'thumbamo munali chiyani? Pafupifupi aliyense anena kuti chimanga, ndipo ine sindingamuchotsere malikisi, chifukwa ndicho chimene anthu ambiri amapita nacho ku chigayo. Komabe nkhaniyo sinatchule chimanga, ndipo mwana wa ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay, kumene nsima ya kondowole ndi ya tsiku ndi tsiku, atha kuona chinangwa chouma m'thumba lomwelo popanda kulakwira chiganizo chilichonse. Apa wophunzira wochenjera amalemba kuti "zikuoneka kuti munali chimanga", osalumbira. Apanso ndi pamene olemba mafunso ayenera kusamala, chifukwa zimene wowerenga amadziwa kale zimasiyana malinga ndi kumene anakulira. Mwana amene kwawo chigayo n'cha dizilo ndipo sanakhalepo m'nyumba ya magetsi akhoza kulephera funso la babu lija, osati chifukwa choti sadziwa kuwerenga.

Timawu tating'onoting'ono nato timanyamula katundu wolemera, ndipo owerenga mothamanga amatidumpha. Mawu akuti "koma" ndi "kale" m'chiganizo choyamba akutiuza kuti Nasibeko analawirira poyembekezera kuti akhala m'gulu la oyamba, ndipo sizinatero. Wolemba sananene kuti mayiyu anakhumudwa kapena kudabwa, koma "koma" uja watsegula khomo. Wolemba akati munthu "akudikirabe", ndiye kuti wadikira nthawi yaitali kuposa mmene zimayenera kukhalira. Akati "anasiya kumwa", watiuza kuti ankamwa. Poyankha mafunso a mtundu umenewu ndi bwino kudula mzere kunsi kwa timawu totere powerenga kachiwiri.

Pa mafunso osankha yankho, misampha imakhala yodziwika mukaizolowera. Tiyerekeze kuti funso likuti, "Kodi nkhaniyi ikusonyeza chiyani chomwe sichinanenedwe mwachindunji?" ndipo mayankho ndi anayi. Loyamba likuti Nasibeko anabwereka mtondo. Zoona, koma zanenedwa poyera, choncho siliyankha funsolo, ngakhale limakopa chifukwa mawu ake mwawaona m'nkhani. Lachiwiri likuti magetsi amazima tsiku lililonse m'deralo. Ili latenga mfundo yoona n'kuikuza. Nkhaniyo ikunena za tsiku limodzi lokha, ndipo mawu ngati "nthawi zonse", "aliyense" kapena "palibiretu" ayenera kukudzutsani. Lachitatu likuti kusinja pa mtondo n'kotopetsa kuposa kugayitsa. Palibe angatsutse, koma izi tazidziwira kumudzi, nkhaniyo sinatifikitseko. Lachinayi likuti Nasibeko anabwerera asanagayitse. Ili ndi lozizira, losakometsera, ndipo ndilo lolondola. Kawirikawiri yankho loona pa mafunso amenewa limakhala phazi limodzi lokha kuchoka pa zimene zalembedwa.

Kalembedwe ka funso kamathandiza kudziwa kuti mukufunsidwa za mtundu uti. "Tchulani", "ndani", "kuti" ndi "liti" nthawi zambiri amafuna zomwe zili poyera. "N'chiyani chikusonyeza kuti", "tikudziwa bwanji kuti" ndi "kodi munthuyu anali ndi khalidwe lotani" amafuna kulingalira. Koma musadalire zimenezi kotheratu. "N'chifukwa chiyani" amagwa mbali zonse ziwiri, ndiye yambani mwafufuza ngati wolemba watchula chifukwacho; ngati wachitchula, musapeke china. Ovuta kwambiri ndi mawu akuti "mukuganiza kuti". Ana ambiri amawatenga ngati chilolezo chonena zakukhosi kwawo, pamene wofunsa akufuna maganizo oima pa nkhaniyo.

Kholo kapena mphunzitsi wofuna kuthandiza safunika buku lapadera. Tengani kankhani kafupi ngati kaja, mufunse funso, ndipo mwana akayankha mufunsenso kuti, "Wadziwa bwanji? Ndilozere." Kenako sinthani chiganizo chimodzi. M'malo mwa babu, nenani kuti mwini chigayo anatulukira manja ali bii ndi girizi, lamba woduka ali paphewa. Mufunseni funso lomwe lija. Akayankhabe kuti magetsi anazima, ndiye kuti analoweza yankho. Akasintha n'kunena kuti makina anawonongeka, n'kukulozerani girizi ndi lamba, mwanayo wayamba kuwerenga, ndipo mutha kumupatsa nkhani yotalikirapo mawa lake.