Kupeta tsamba la duwa kuti mitundu ilowererane

Mukadzera kudimba m'mawa, taonetsetsani duwa la therere lobala. Lili ndi masamba asanu achikasu chotuwa, koma chikasucho si chimodzi. Kunsonga n'choyererako, chikamatsikira m'kati chimanka chikhwima, ndipo patsinde penipeni pali banga lofiira modera. Palibe malo amene mungaloze kuti chikasu chotuwa chathera apa, chokhwima chayambira apa. Wopeta amene akufuna kuika duwa limeneli pansalu ya patebulo kapena pachikwama cha pilo ali ndi ulusi wa mitundu yosiyana, ndipo ulusi susungunuka kuti usakanizike. Njira imene opeta amagwiritsa ntchito ndi ya misoko yaitali ndi yaifupi, imene ena amati kujambula ndi singano.

Luso limeneli ndi lakale. Opeta a mumzinda wa Suzhou ku China amatchuka nalo chifukwa amang'amba ulusi wa silika kukhala tiulusi topyapyala kuposa tsitsi. Ku Britain limaphunzitsidwa pasukulu ya Royal School of Needlework, imene inakhazikitsidwa mu 1872 ndipo masiku ano ili ku Hampton Court. Kuno kummwera kwa Africa, mayi Trish Burr, amene anakulira ku Zimbabwe n'kukakhazikika ku Cape Town, alemba mabuku angapo ophunzitsa kupeta maluwa ndi mbalame mwa njira imeneyi pogwiritsa ntchito ulusi wamba wa thonje.

Ulusi wopetera wa thonje, monga wa DMC kapena wa Anchor, umabwera uli tiulusi 6 topotedwa pamodzi. Dulani masentimita 40, solani kaulusi kamodzi kokha, ndipo kameneko ndiye mupetere. Ambiri amafuna kuika tiwiri kapena titatu kuti ntchito ifulumire. Imafulumiradi, koma msoko uliwonse umaonekera pawokha ndipo tsamba limakhala lamabunthumabunthu. Singano ikhale yakuthwa ndi yopyapyala, nambala 9 kapena 10. Nsalu ikhale ya thonje yolukana bwino, yosatamuka, ndipo ikungidwe mumkombero mpaka izilira mukaigogoda ndi chala. Ikakhala yolendewera, misoko yambirimbiri imene mudzaika pamalo amodzi idzaikoka, ndipo mukadzachotsa mkombero mudzapeza makwinya ozungulira duwa amene ngakhale simbi singawathetse.

Tiyeni titenge tsamba limodzi la duwa la therere, lotalika masentimita anayi, lotambalala kunsonga ndi lowonda kutsinde. Duwali limakhala tsiku limodzi lokha, choncho lijambuleni pafoni likadali lotambasuka. Mitundu isanu ikwanira. Pa manambala a DMC mungatenge 3823, 745, 744 ndi 743, kuyambira chikasu choyera mpaka chokhwima, ndi 815 wofiira modera wa patsinde. Ngati muli ndi ulusi wina wopanda manambala, ndanditsani mitunduyo patebulo, ijambuleni, kenako sinthani chithunzicho chikhale chakuda ndi choyera. Mudzaona msanga ngati iwiri ikufanana kwambiri kapena ngati pali pamene mwadumpha patali. Diso limanamizidwa ndi kukongola kwa mtundu, pamene chimene chimachititsa tsamba kuoneka lopindika ndi kusiyana kwa kuwala ndi kudera.

Musanagwire singano, lembani tsambalo pansalu ndi pensulo yakuthwa, ndipo m'kati mwake lembanimo mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yochokera kunsonga, yonse yokakumana patsinde. Mizere imeneyi ikutsanzira mitsempha ya tsamba, ndipo ndi imene idzakuuzani kumene msoko uliwonse uyenera kuloza. Anthu amaidumpha poganiza kuti diso liwatsogolera. Siliwatsogolera, chifukwa ukakhala pafupi ndi nsalu umangoona msoko umene wangomaliza, n'kuika wotsatira moyandikana nawo, ndipo pofika m'mbali misoko yonse yaima chilili ngati kuti tsambalo ndi la makona anayi. Mukatha kulemba, zungulirani m'mphepete mwa tsamba ndi timisoko ting'onoting'ono, totalika mamilimita awiri, kalikonse kotulukira pakati pa kanzake ka m'mbuyo. Kamzere kameneka kadzakwiririka, koma ndi kamene kamapereka mphepete yosalala ndi yotukuka pang'ono.

Mzere woyamba, wa ulusi woyera uja, umayambira pakati pa nsonga. Tulutsani singano m'kati mwa tsamba, ndipo ilowetseni kunja kwa kamzere ka m'mphepete, moikhuthika pansi pake. Msoko wina ukhale wa mamilimita 12, wotsatira wa 8, winanso wa 10, osayeza ndi rula ayi, bola asamathere pamalo ofanana. Pitani mpaka mbali imodzi, bwererani pakati, kenako mupite mbali inayo. Misoko ya mzerewu ithinane kwambiri moti nsalu isaonekere, pakuti mzere wachiwiri udzadalira pa iyo. Pamene tsamba likukhota, mphepete yakunja ndi yaitali kuposa m'kati, ndiye nthawi zina muziponyamo kamsoko kakafupi kwambiri kongodzaza kunja, kuti misoko itembenuke popanda kuunjikana.

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, pa mzere wachiwiri. Singano tsopano isintha ulendo. Ituluke kuchokera pansi, kubowola pakati pa misoko ya mzere woyamba, n'kukalowa pansalu yopanda kanthu cha kutsinde. Ndipo isatulukire kumapeto kwa misoko yakale ayi, ilowe m'kati ndithu, gawo limodzi mwa magawo atatu a msoko, nthawi zina theka, mwa apo ndi apo kupitirira apo. Wophunzira amachita mantha, amaona ngati akuwononga zimene wasoka kale, ndiye amangokhudza kunsonga. Zotsatira zake ndi mikwingwirima: chikasu choyera pamwamba, chotsatira pansi pake, malire akuonekera bwinobwino. Wofolera nyumba amadziwa kuti udzu ukangogundana nsonga osapitirirana, denga limadontha. Ulusinso umafuna kupitirirana kotero.

N'chifukwa chiyani singano iyenera kutuluka m'misoko yakale m'malo molowamo? Ikamalowa kuchokera pamwamba imakankhira ulusi wakale pansi n'kusiya kadzenje, ndipo timaenje timeneti tikachuluka timaoneka ngati mzere wa madontho akuda mukaika nsalu pakuwala. Ikamatuluka kuchokera pansi imang'amba ulusiwo, ulusi watsopano n'kumera pakati pake, ndipo poyambira pake sipaoneka. Mukaona timaenje pantchito yanu, dziwani kuti singano yayenda chammbuyo.

Chinanso chimene chimasokoneza ophunzira n'chakuti kuyambira mzere wachiwiri simusinthanitsanso wautali ndi waufupi mwadongosolo. Misoko yonse imakhala yotalikirapo, cha m'ma sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, koma iliyonse imayambira ndi kuthera pamalo ake. Mukamawerenga mumtima kuti wautali, waufupi, wautali, waufupi, mudzapeza mano a sowo, ooneka bwino m'njira yakeyake koma osafanana ndi duwa lililonse. Ine ndimakonda kuyamba ndaponya misoko yotalikirana m'mzere wonse motsata mizere ya pensulo ija, kenako n'kubwerera kudzaza mipata. Ukatero sungasochere kolowera. Komanso misoko yaifupi kwambiri ndi mdani wa kusalala, chifukwa thonje limanyezimira likagona motalika. Zikakukayikitsani, talikitsani.

Popeza gawo limodzi mwa magawo atatu kapena theka la msoko uliwonse limabisala m'mzere wam'mbuyo, mzere umodzi umangokusunthani mamilimita 6 kapena 7. Tsamba lathu la masentimita anayi lifuna mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Pamene mukutsika, tsamba likuwonda, choncho chiwerengero cha misoko chiyenera kuchepa mzere ndi mzere. Amene saichepetsa amafika patsinde ndi chimulu cholimba choti singano imakana kulowa, ndipo misoko imayamba kupingasana. Musakakamirenso kuti mtundu uliwonse ukhale ndi mzere wakewake. Mungasoke mizere iwiri ndi 745, ndipo mu mzere wachitatu n'kumwazamo misoko ingapo ya 744 isanafike nthawi yake. Ambiri amasunga singano ziwiri kapena zitatu zokhala ndi ulusi wosiyana, n'kumabaya imene sakuigwiritsa ntchito pambali, pamwamba pa nsalu, kuti ulusi usakolane kunsi.

Banga lofiira lija limafuna nzeru ina. Kuchoka pa chikasu kufika pa kufiira kodera ndi mtunda wautali, ndipo mtima umafuna kuikapo mtundu wa lalanje pakati kuti zilowererane. Ndikanakulangizani kuti musatero. Yang'anani chithunzi chanu: pa duwa lenileni kufiirako kumayamba mwadzidzidzi, kungoti m'mphepete mwake muli timizere tolowa m'chikasu. Choncho tsitsani chikasu chokhwima mpaka chipitirire pamene banga liyambire, kenako tulutsani ulusi wofiira m'kati mwa chikasucho mosiyanitsa kwambiri, msoko wina wakuya mamilimita 8, iwiri yotsatira 3 okha, wina 5. Misoko yakuyayo ikhale yochepa. Ikachuluka, tsamba limaoneka ngati lakandidwa. Si malire onse amene ayenera kufafanizidwa, ndipo wopeta wabwino amasiya akuthwa pamene duwa lawasiya akuthwa.

Pa duwa lathunthu lamulo ndi lakuti muyambe tsamba limene lili kumbuyo, mumalize ndi lakutsogolo, ndipo kamzere ka m'mphepete mwa tsamba lililonse kasokedwe pokhapokha lakumbuyo kwake litatha, kuti mphepete yatsopano igone pamwamba pa misoko yakale. Therere limavutako pang'ono chifukwa masamba ake amasanjikizana mozungulira, lililonse mbali ina lili pamwamba pa linzake, mbali ina pansi. Sankhani limodzi loyambira, tsatani mbali imene akukwererana, ndipo lomaliza mulisoke mothinana ndi mphepete ya loyamba, singano ikulowa mopendekera pansi pake. Mbali imene tsamba lalowa pansi pa linzake ikanipo chikasu choderako, kamzere kopyapyala chabe. Popanda kamthunzi kameneka masamba asanu aja amasanduka mbale imodzi yachikasu.

Tsamba loyamba limaoneka loipa mpaka mzere wachitatu, ndipo ambiri amasula ntchito yabwino chifukwa choiweruza msanga ali nayo pamphuno. Imikani mkombero pampando, bwererani masitepe atatu, muone pakuwala kwa masana. Ngati mukuona malire a mitundu, musathamangire kusula. Tengani kaulusi ka mtundu woderako, ponyani misoko isanu kapena isanu ndi umodzi yolowa kwambiri m'mzere wapamwamba, ndipo nthawi zambiri malirewo amatha. Chimene sichikonzeka ndi misoko yoloza kolakwika. Imeneyo idulani ndi lumo laling'ono, sonkhanitsani zidutswa, muyambirenso. Mukamaliza, sitani nsaluyo chakumbuyo, duwa litagona pathaulo lofewa, kuti misoko isaphwanyike.

Musayambire pansalu imene mukufuna kukapereka paukwati. Tengani chigamba, lembanipo tsamba limodzi lomwelo katatu, ndipo musoke onse atatu ndi mitundu itatu yokha musanagule ulusi wina.