Kusankha mawu a mpikisano wa masipelo

Aphunzitsi ambiri akapatsidwa ntchito yokonza mawu a mpikisano wa masipelo a Chingerezi amathamangira mawu ataliatali, poganiza kuti ndiwo ovuta. Koma mwana wa Sitandade 6 angathe kutchula zilembo zonse za "information" osapunthwa, kenaka n'kugwa pa "debt", mawu a zilembo zinayi zokha. Chimene chimamugwetsa ndi b amene amalembedwa koma samveka. Ana athu anazolowera Chichewa, chimene timalemba monga tikuchitchulira, choncho chilembo chongokhala duu m'mawu chimawasokoneza kwambiri.

Mpikisano wa ku America wa Scripps National Spelling Bee, umene unayamba mu 1925, umapatsa ana mndandanda wa mawu pafupifupi 4,000 ogawidwa m'magulu atatu. Sukulu wamba sifunika mawu ochuluka chotero, koma magulu atatuwo ndi othandiza. Poika mawu m'gulu, ine ndimafunsa funso limodzi: mwana amene sanawaonepo mawuwa ali ndi pogwira pati kuti apeze chilembo chobisikacho?

M'gulu loyamba muzilowa mawu amene ali ndi anzawo ambiri olembedwa mofanana. Mwana akadziwa "knee", savutika ndi "knife", "knock" ndi "knot". Akadziwa "write" wapeza njira ya "wrong" ndi "wrist". Kalekale Angerezi ankamutchula k wa mu "knee". Katchulidwe kanasintha, kalembedwe n'kutsalira. Momwemonso ndi "lamb", "comb" ndi "thumb", koma apa woitana mawu asamale. Ife tinazolowera mb wa mu mbuzi, ndiye pakamwa pamafuna kunena kuti kombu. Akatero wamuululira mwanayo yankho, ndipo mnzake amene anapatsidwa mawu otchulidwa bwino waponderezedwa.

Gulu lachiwiri ndi limene lifunika nthawi yambiri polikonza, chifukwa ndi limene limasiyanitsa woloweza ndi woganiza. Muno muli mawu amene chilembo chake chobisika chimamveka m'mawu ena apachibale. G wa mu "sign" amamveka mu "signature", c wa mu "muscle" amamveka mu "muscular", ndipo b wa mu "debt" uja amatulukira mu "debit".

Tione mawu akuti "receipt", lisiti imene timalandira pogula katundu. Mwana akamva mawuwa amakumana ndi misampha itatu. Pakati pamamveka s koma pamalembedwa c. Kenaka ayenera kukumbukira kuti e ndiye amatsogola, i n'kutsatira. Pomaliza pali p wosamveka, amene angamupeze akaganizira "reception". Kwa mwana wolankhula Chichewa palinso wachinayi, poti l ndi r timawasinthanitsa osazindikira. Mawu a msampha umodzi ngati "sign" akhale koyambirira kwa gululi, pamene "receipt" adikire kumapeto kwake. Kuwaika onse awiri m'chigawo chimodzi cha mpikisano n'kulakwira mmodzi mwa anawo, chifukwa wopambana adzakhala amene anachita mwayi.

Gulu lachitatu ndi la mawu obwerekedwa amene sadziwika popanda kudziwa kumene anachokera. "Pneumonia", "psalm" ndi "rhythm" gwero lake ndi Chigiriki, "rendezvous" ndi Chifalansa, "yacht" ndi Chidatchi. N'chifukwa chake pa mpikisano wa ku America uja mwana amaloledwa kufunsa chiyankhulo chimene mawu anachokera, tanthauzo lake ndi chiganizo chowagwiritsa ntchito. Wokonza mndandanda alemberetu zonsezi pambali pa mawu aliwonse.

Chiganizocho n'chofunika kwambiri pa mawu omveka mofanana monga "night" ndi "knight", kapena "right" ndi "write". Popanda chiganizo, mwana amene walondola masipelo a mawu enawo amatulutsidwa wosalakwa. Mawu olembedwa pawiri, monga "colour" ya ku Britain imene timaphunzitsa kuno ndi "color" ya ku America, ndi bwino kungowasiya, kapena kulengezeratu dikishonale imodzi imene oweruza adzatsate.

Mndandanda ukatha uyesedwe kaye. Itanirani mawuwo kalasi ya msinkhu womwewo imene sikupikisana nawo, ana alembe papepala. Mawu a gulu loyamba amene oposa theka alakwitsa akwezedwe, ndipo a gulu lachitatu amene pafupifupi onse alondola atsitsidwe. Ngati opikisana ali 20, ndipo mukufuna zigawo ziwiri pa gulu lililonse, konzani mawu 40 a gulu loyamba, 40 a lachiwiri ndi 40 a lachitatu. Ngakhale ana amakhala atachepa pofika kumapeto, awiri otsalawo amatha kulimbana nthawi yaitali, ndipo mawu akakutherani mudzayamba kutola m'dikishonale mothamanga mawu amene simunawayese.