Mawu Ogulitsira Sopo Wopangidwa Pamanja

Kapepala kokutira sopo kamakhala ndi malo ochepa, ndipo wogula amakayang'ana kanthawi kochepa asanabwezere sopoyo pa shelefu. N'zomvetsa chisoni kuti opanga sopo ambiri amawononga malowa ndi mawu akuti "wachilengedwe" kapena "wapamwamba", omwe aliyense wogulitsa pafupi nawo walembanso. Mawu osiyanitsa sopo ndi mnzake amachokera m'kapangidwe kake, ndipo ayenera kukhala oti wogula akawatsimikizira yekha kubafa.

Mwachitsanzo, pali sopo wosambira wa mafuta a mpendadzuwa, a kokonati ndi a malambe pang'ono, wopangidwa mosaphika. Mafuta a mpendadzuwa paokha amatulutsa sopo wofewa wa thovu lochepa. A kokonati ndiwo amamulimbitsa ndi kuchulukitsa thovu. Akachotsedwa m'chikombole n'kudulidwa, sopo wotere amayanikidwa pamthunzi podutsa mphepo kwa masabata 4 mpaka 6 kuti madzi aphwe. Wogulitsidwa nthawiyi isanakwane amabonyoka akamudina ndi chala, ndipo amasungunuka msanga akanyowa. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa dandaulo la ogula ambiri ndi la sopo wotha mwamsanga. Kapepala kakhoza kunena motere:

"Sopo wosambira wa mafuta a mpendadzuwa, kokonati ndi malambe. Waumitsidwa masabata 6 kuti asasungunuke msanga. Mulibe utoto kapena zonunkhiritsa. Magalamu 100."

Chiganizo chilichonse chikuyankha funso limene wogula akanafunsa pamsika. Kulemera kwake kuyezedwe sopo atauma kale, poti amapepuka pamene akuuma, ndipo wolemba sikelo ya tsiku lodula amapezeka wanamiza anthu asakufuna. Kositiki soda atchulidwenso pamndandanda wa zosakaniza, pamodzi ndi dzina la wopanga ndi kumene amapezeka.

Mawu okopa, aja amakhala pansi pa dzina la sopo, amatenga mfundo imodzi yokha n'kuifupikitsa kuti ikhale yosavuta kuitchula pakamwa. Kwa sopo uyu angakhale akuti "Thovu tho, osatha msanga." Ndi mawu anayi okha, ali ndi kamvekedwe kokoma, ndipo mayi wa pagolosale angawabwereze kwa kasitomala osayang'ana papepala. Komabe lonjezo la thovu liyambe layesedwa ndi madzi a pamjigo, chifukwa madzi amchere amachepetsa thovu.

Choyenera kupewa kwambiri ndi kulemba kuti sopo amachiza zipere, ziphuphu kapena mphere, ngakhale mutathiridwa nimu kapena chammwamba. Mawu otere amasandutsa sopo kukhala mankhwala, ndipo akhoza kuchedwetsa wodwala kupita kuchipatala. Chimodzimodzinso chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards: chimaikidwa pakapepala pokhapokha bungwelo litayeza sopoyo ndi kupereka chilolezo.